Malikisi otayika aja anapita kuti?

Pepala la mayeso likabwera kochongedwa, ophunzira ambiri amayang'ana nambala yofiira ya pamwamba, n'kulipinda, n'kuliika pansi pa chikwama. Chimodzimodzi mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 4. Pa mayeso oyeserera a masamu anapeza malikisi 52 pa 100, ndipo nditamufunsa za 48 otsalawo anangoti, "Amalume, zambiri ndimazidziwa, ndinangopupuluma." Mawu amenewa ndawamva kwa ana ambiri, ndipo amandidetsa nkhawa, chifukwa mwana akadzipeza yekha ndi matenda olakwika amamwanso mankhwala olakwika.

Malikisi amatayika m'njira zitatu. Pali kusadziwa, pamene phunzirolo silinalowe m'mutu. Pali kuphonya, pamene njira ukuidziwa koma dzanja laterereka. Ndiye pali kusamvetsa funso, pamene wayankha bwinobwino funso limene sunafunsidwe. Chida chosiyanitsira zitatuzi ndi ndondomeko yochongera, pepala lija limene aphunzitsi amatsatira pogawa malikisi. A MANEB sabweza mapepala a MSCE kwa olemba, choncho mwayi wochita zimenezi uli pa mayeso oyeserera ndi a kumapeto kwa teremu. Pemphani aphunzitsi akuonetseni ndondomekoyo, kapena koperani mosamala mzere uliwonse akamakonza mayankho pa bolodi.

Koma musathamangire kuitsegula. Munthu ukaona yankho lolondola litalembedwa bwino, mtima umati "izi ndimazidziwa", pamene ukungozizindikira chifukwa zili pamaso pako. Choyamba, tengani pepala losalembapo, tsekani mabuku, mulembenso funso lililonse limene munatayapo malikisi, mosayang'ana nthawi. Mukatha, ndiye yerekezani zitatu: zimene munalemba m'mayeso, zimene mwalemba tsopano, ndi ndondomeko yochongera.

M'ndondomeko zambiri za masamu mupeza zizindikiro monga M1 ndi A1. M1 ndi malikisi a njira, A1 ndi a yankho lolondola, ndipo kawirikawiri A1 saperekedwa ngati njira yake palibe. Musangoona yankho la pansi. Tsatani mzere ndi mzere kufikira pamene ntchito yanu inapatukana koyamba ndi ya ndondomeko. Vuto lili pomwepo. Zolakwika za m'munsi mwake zimangotsatira.

Tinakhala pakhonde Loweruka masana, iye ndi pepala lake, ine ndi ndondomeko. Funso loyamba linali losavuta: 3x − 7 = 11. M'mayeso analemba 3x = 18, kenako x = 9. Atalembanso anapeza 6 mosazengereza, ndipo ataona 9 uja anagwira pakamwa. M1 anapatsidwa, A1 anataya. Uku ndi kuphonya kwenikweni: njira ilipo, kulembanso kwakonza popanda womuuza. Tinalemba chilembo P m'mbali mwa funsolo.

Lachiwiri linali la silinda: dayamita masentimita 14, kutalika masentimita 10, pezani voliyumu. Fomula anailemba molondola, kuchulukitsa kwake kunalibe banga, koma anapeza 6160 pamene ndondomeko ikuti 1540. Anaika 14 pamalo pa rediyasi, m'malo mogawa pawiri kuti apeze 7. Chizindikiro cha kusamvetsa funso n'chimenechi: ntchito yoyera, yotsatika, koma yoyambira pa chinthu chimene funso silinanene. Komabe sindinafulumire kulemba F. Mayesowa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo nthawi zina mwana amati sanawerenge bwino pamene liwulo salidziwa n'komwe. Ndinajambula bwalo pansi ndi kamtengo n'kumuuza andionetse dayamita. Anadula mzere kuchoka mbali ina kudzera pakati mpaka mbali inayo. Amadziwa, maso ndiwo anathamanga. Akanajambula theka, funsoli likanapita ku mulu wa kusadziwa, ndipo mankhwala ake akanakhala kuphunzira liwulo.

Funso lachitatu ndi limene linatiphunzitsa zambiri, ngakhale anatayapo pang'ono pokha. Linali x² + x − 12 = 0. Anafika bwino pa (x + 4)(x − 3) = 0, n'kulandira malikisi a njira, kenako analemba kuti x ndi 4 kapena −3. Yankho ndi −4 kapena 3. Iye anati ndi kuphonya chabe, zizindikiro zinangosinthana. Koma pa pepala lachiwiri lija, atakhala phee popanda womuthamangitsa, analembanso 4 ndi −3. Nditamufunsa kuti manambalawo amachokera kuti, anayankha kuti amangowatenga m'mabulaketi. Sankadziwa kuti zinthu ziwiri zikachulukitsidwa n'kupereka ziro, chimodzi mwa izo chiyenera kukhala ziro, choncho x + 4 = 0, ndipo x ndi −4. Titatsegula kope lake tinapeza cholakwa chomwecho m'malo atatu. Kuphonya kumabwera mwa apo ndi apo, lero apa mawa pena. Cholakwa chobwerera malo omwewo, m'njira yomweyo, ndi kusadziwa, ngakhale chikutayitsa malikisi ochepa. Apa tinalemba S.

Mafunso osiyidwa opanda kanthu amafuna kusamala. Ngati mwalilemba kunyumba n'kulikhoza, ndiye kuti nthawi inakutherani, ndipo liikeni pa mulu wakewake. Ngati kunyumbanso cholembera chaima, ndi kusadziwa, ngakhale funsolo linali lomaliza.

Pomaliza tinawonkhetsa malikisi, osati mafunso, chifukwa funso limodzi la malikisi 8 limalemera kuposa atatu a malikisi awiriawiri. Pa 48 paja, kusadziwa kunatenga 21, kuphonya 11, kusamvetsa funso 9, ndipo 7 anapita ndi nthawi. Mwanayo anakhala chete kwakanthawi. Mulu umene ankauyesa waukulu sunafike n'komwe pa kotala. Koma panalinso cholimbitsa mtima: pa 21 aja, 14 anachokera m'mitu iwiri yokha. Sikuti masamu onse anamuthawa ayi.

Mulu uliwonse uli ndi chochita chake. Wa kusadziwa umafuna kubwerera kwa aphunzitsi kapena ku buku, kuphunziranso mutuwo, kenako kuyesa mafunso atsopano patapita masiku angapo, chifukwa kubwereza funso lomwelo kumangoyesa kuloweza. Kuphonya sikutha ndi kuwerenga usiku wonse, ndiponso kungouza mwana kuti "uzisamala" sikumuthandiza. Pamafunika chizolowezi chogwirika, monga kubweza yankho m'funso: akanaika 9 mu 3x − 7 akanapeza 20 osati 11, n'kudzigwira yekha. Pa kusamvetsa funso, tinagwirizana kuti asanayambe kuwerengetsa azidula mzere pansi pa zimene wapatsidwa ndi zimene akufunsidwa, ndipo akamaliza aziwerenganso chiganizo chomaliza cha funso, poti ndi pamene pamakhala malangizo onga kupereka yankho m'mamita kapena kulisiya ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho.

Ndondomeko yochongera nayo ili ndi malire. Nthawi zambiri imaonetsa njira imodzi, pamene masamu amalola zingapo. Pa funso lina mwanayo anadzera njira yosiyana ndi ya m'ndondomeko, n'kufika pa yankho lomwelo, koma anapatsidwa theka la malikisi. Sitinaliike mu mulu wa kusadziwa mwachisawawa. Lolemba analitengera kwa aphunzitsi ake. Iwo anamuonetsa kuti njirayo inali yololedwa, koma anadumpha mizere iwiri imene inali ndi malikisi, poti anaiwerengetsera m'mutu. Awiri amenewo tinawaika ku kuphonya, mkati mwa 11 aja, ndipo pamwamba pa kope lake analembapo ndi cholembera chofiira kuti mzere uliwonse uzionekera papepala.