Tsiku la msonkhano: yambani mwayang'ana mwezi kumwamba

Chaka chatha tinaitanitsa msonkhano wosonkha ndalama za denga la madrasa yathu. Kunabwera anthu ochepa, ndipo mpunga unatsala m'miphika. Olakwa tinali ife. Tinauika nthawi ya mdima, asodzi akuchezera kuwedza usipa ndi nyali, masana ali mtulo. Kunalinso kutha kwa mwezi, aphunzitsi atapita kuboma kukatenga malipiro.

Ulendo wachiwiri tinayamba ndi kalendala ya Chisilamu. Pa 13, 14 ndi 15 mwezi umawala usiku wonse, usipa subwera ku nyali, choncho alovi amakhala kumtunda. Pa masiku atatuwo tinasankha Loweruka, popeza Lachisanu ndi la Juma.

Kenako tinafunsa amfumu za maliro. Imfa sipangana tsiku, koma sadaka ya arubaini imawerengeka: masiku 40 chimwalirire munthu. Tinapeza kuti banja lina lili nayo Loweruka lomwelo, ndiye tinasunthira Lamulungu masana, Akhristu anzathu ataweruka kutchalitchi. Tinaonanso kuti lisagwe pa tchuthi ngati 6 Julaye, pamene achinyamata amakhamukira kumpira. Pabwalo panadzaza, malata tinagula.

Abale, musadalire kalendala ya chaka chatha. Ramadhani imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo Idi imadikira kuoneka kwa mwezi, ndiye siyani masiku awiri opanda zochitika. Polengeza, tchulaninso tsiku lina lapadera. Maliro akagwa m'mudzi, aliyense adziwiretu kuti tikumana liti, Insha Allah.