Mfuti yolasa patali inagonja kwa mfuti yothira msanga

Anthu akabwera kudzaona mfuti zakale zimene ndimasamala, ambiri amakhala ndi ganizo limodzi: kuti munthu wina wanzeru anatulukira zozokota mizere m'kati mwa paipi ya mfuti, basi nkhondo n'kusinthiratu. Nkhani yake siinayende choncho. Mizereyo amisiri a ku Germany ankaidziwa kale m'zaka za m'ma 1500, koma asilikali wamba a ku Ulaya anakhalabe ndi mfuti za paipi yosalala kwa zaka zina pafupifupi 300. Chifukwa chake chili m'kathiridwe ka onga.

Tiyambe ndi gogodera. Ya asilikali a ku Britain, imene ankaitcha Brown Bess, inali ndi paipi yotakata mamilimita 19, pamene chipolopolo chake, kampira kamtovu, chinali cha mamilimita pafupifupi 17 ndi theka. Mukachiponya m'paipi yoyera chimatsika chokha, chikumveka gobedegobede mpaka pansi. Mpata umenewu anausiya dala. Onga wakuda ukapsa umasiya mwaye wambiri, ndipo mukaombera kangapo paipi imayamba kuthina. Chipolopolo chokwana ndendende chikanakakamira pakati, msilikali ali pamaso pa adani.

Mpata womwewo ndi umene unkaononga kulasa. Potuluka, chipolopolo chinkagundagunda m'mbali mwa paipi, ndipo mbali imene chakhudza pomaliza ndiyo inkachipatsa kazungulidwe kake, lero cha kumanzere, mawa cha m'mwamba. Munthu ali pa mamita 50 unkatha kumulasa. Akapitirira mamita 100 zinali za mwayi. N'chifukwa chake asilikali ankaima mondondozana phewa ndi phewa n'kuombera pamodzi, katatu pa mphindi ngati ali ozolowera. Sikunali kupusa ayi. Mfuti yosalunjika imafuna kuti zipolopolo zichuluke.

Mizere imathetsa vutoli motere. Ndi tingalande tosaya tozokotedwa mopota kuyambira kumbuyo kwa paipi mpaka kukamwa. Mukawalitsa tochi n'kusuzumira, mumaona ngati paipi yapotokola m'kati. Mtovu ukaluma m'tingalandemo, chipolopolo chimatuluka chikuzungulira, ndipo monga nguli imene yakwapulidwa bwino imaima chilili osagwa, nachonso chimasunga mutu wake kutsogolo. Chipolopolo chotoledwa pabwalo la nkhondo chimadziulula chokha: ngati chinachokera m'paipi ya mizere, m'mbali mwake mumakhala zipsera zopendekeka, ndipo kuwerenga zipserazo kumatithandiza kudziwa mtundu wa mfuti.

Koma kuti mtovu ulume, chipolopolo chiyenera kuthina, ndipo chothina n'chovuta kuchilowetsa kuchokera kukamwa. Asilikali a ku Britain amene anapatsidwa mfuti ya Baker kuyambira mu 1800 ankakulunga chipolopolo m'kachikopa kapena kansalu kopaka mafuta n'kuchitsindira ndi mphamvu. Ankalasa munthu pa mamita 200, koma pothira ankachedwa kuposa mnzawo wa gogodera wamba. Mfuti yotere inakhala ya magulu ochepa osankhika.

Amene anamasula mfundoyi ndi Afalansa, makamaka kaputeni Claude-Étienne Minié cha m'ma 1849. Chipolopolo chake chinali chosongoka, chocheperako pang'ono kuposa paipi, chokhala ndi mphako kumatako. Chinkatsika mosavuta. Onga ukaphulika, mpweya unkafufumitsa mphakoyo, mtovu n'kudzaza mizere. Mfuti ya Enfield ya 1853 inatsata njira imeneyi. Inali ndi mizere itatu yopota mwapang'onopang'ono, theka chabe la kuzungulira m'paipi yonse yotalika pafupifupi mita imodzi, komabe zinali zokwanira kuti chipolopolo chizizungulira maulendo oposa 100 pa sekondi.

Apa m'pamene ndimapempha anthu kuti asiyanitse zinthu ziwiri: kulasa kwa mfuti ndi kulasa kwa msilikali. Chipolopolo cha Minié chinali cholemera ndi choyenda pang'onopang'ono, motero njira yake inkakhota ngati uta. Kuti chikagwe pa munthu ali pa mamita 300, chinkayenera kukwera kuposa mita imodzi pamwamba pa mzere wa diso chili pakati pa ulendo. Msilikali akaganiza kuti adani ali pa 300 pamene ali pa 200, chipolopolo chinkatha kudutsa pamwamba pa mitu yawo. Onjezerani utsi woyera wa onga umene unkaphimba bwalo, mantha, ndi kusaphunzitsidwa kuyeza mtunda ndi maso. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, mfuti za mizere zinali mbwee, koma akatswiri ena a mbiri amene anafufuza malipoti a nthawiyo anapeza kuti kuomberana kwambiri kunkachitikabe pa mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wa kale.

Chaka cha 1866, pamene Austria inamenyana ndi Prussia, chimaonetsa bwino nkhaniyi. Austria inali ndi mfuti ya Lorenz, ya mizere, yothirira kukamwa, yolasa patali. Prussia inali ndi mfuti ya Dreyse, imene inavomerezedwa mu 1841, yothirira kumbuyo. Msilikali ankakoka chogwirira, kumbuyo kwa paipi n'kutseguka, iye n'kuikamo kaphukusi kapepala kokhala ndi onga ndi chipolopolo pamodzi. Singano yaitali inkaboola pepalalo, kudutsa mu onga, n'kukamenya kamoto kamene kanali kuseri kwa chipolopolo. Mfuti imeneyi inali ndi zilema zake. Singano inkapsa ndi moto pa kuombera kulikonse mpaka kuthyoka, moti asilikali ankayenda ndi zina zapadera. Kumbuyo sikunkatsekeka bwino, mpweya wotentha unkathawira kumaso, ndipo mphamvu ya chipolopolo inkachepa. Pa mtunda wautali Lorenz inali patsogolo.

Koma wa Lorenz kuti athire onga ndi kutsindira ankayenera kuimirira, thupi lonse poyera. Wa Dreyse ankathira atagwada kapena atagona chafufumimba kuseri kwa mtengo, ndipo ankaombera kanayi kapena kasanu pa mphindi, mnzakeyo ataombera kamodzi kapena kawiri. Choipa kwambiri, akuluakulu a nkhondo a Austria, atagonja kwa Afalansa mu 1859, anatengapo phunziro lakuti chopambanitsa ndi kuthamangira adani m'chigulu ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti. Anataya mwayi wawo wa kulasa patali n'kupereka anyamata awo pa mtunda umene Dreyse inkafuna. Ku Náchod pa 27 June, Austria inataya anthu pafupifupi asanu pa munthu mmodzi aliyense wa Prussia. Ku Königgrätz pa 3 July, m'nkhalango ya Swiepwald, gulu limodzi la Prussia linatchinga magulu a Austria olichulukira kwambiri kwa maola angapo. Ndikawerenga za tsiku limenelo chimandipweteka n'chakuti anyamata a Austria sanali amantha. Ankabwereza kuthamangira moto umene akuluakulu awo anali atauona kale sabata yathayo.

Zilema za Dreyse zinakonzedwa msanga. Afalansa mu 1866 momwemo anatulutsa Chassepot, yokhala ndi kamphira kotseka mpweya kumbuyo, ndiponso chipolopolo chaching'ono chothamanga, chimene njira yake sinkakhota kwambiri. Kulasa patali ndi kuthira msanga zinakumana m'mfuti imodzi. Pa 18 August 1870 ku Saint-Privat, asilikali a Prussia amene anayenda poyera m'chigulu kulunjika Afalansa anataya anthu pafupifupi 8,000, ambiri a iwo m'nthawi yosakwana ola limodzi, mfuti zawo za Dreyse zisanafike n'komwe pa mtunda woti n'kubwezera.