Kalembedwe ka Nkhani ya Alembi Angapo pa Mndandanda wa Zowerenga

Wophunzira akamaliza kulemba chimangirizo, amaika kumapeto mndandanda wa mabuku ndi nkhani zomwe wagwiritsa ntchito. Cholinga chake n'chakuti wowerenga akapeze nkhani yeniyeniyo, osati ina yofanana nayo. M'chimangirizo chino tiona momwe tingalembere nkhani ya m'magazini ya kafukufuku yomwe ili ndi alembi angapo komanso DOI, potsata malamulo a APA omwe adatuluka kachisanu ndi chiwiri m'chaka cha 2019.

Chitsanzo chathu ndi nkhani yomwe Marc D. Hauser, Noam Chomsky ndi W. Tecumseh Fitch adasindikiza m'chaka cha 2002, yokamba za luso la chiyankhulo mwa munthu. Pa mndandanda imaoneka motere:

```
Hauser, M. D., Chomsky, N., & Fitch, W. T. (2002). The faculty
    of language: What is it, who has it, and how did it evolve?
    Science, 298(5598), 1569–1579.
    https://doi.org/10.1126/science.298.5598.1569
```

Tiyambe ndi alembi. Aliyense timayamba ndi dzina la bambo, kenaka mpatuliro, kenaka malembo oyamba a maina ake ena. Mlembi wotsiriza asanabwere timaika mpatuliro ndi chizindikiro cha `&`. Chofunika kwambiri ndi kusasintha ndondomeko ya mainawa. Wophunzira akhoza kuyamba ndi Chomsky poona kuti ndiye wotchuka, kapena poganiza kuti maina atsate alifabeti. Uku n'kulakwitsa. Alifabeti imagwira ntchito posanja mndandanda wonse, koma m'kati mwa nkhani imodzi timatsata momwe mainawo alili pa tsamba loyamba la nkhaniyo.

Chifukwa chake chikuonekera pa alembi omwewa. M'chaka cha 2005 atatuwa adalembanso nkhani ina pa mutu wofanana m'magazini ya Cognition, koma ulendo uno Fitch ndiye adali patsogolo. M'kati mwa chimangirizo, nkhani ya alembi atatu kapena kuposerapo timaitchula ndi dzina la woyamba yekha, motere: `(Hauser et al., 2002)`. Choncho tikasokoneza maina pa mndandanda, wowerenga adzafunafuna pa H osapeza kanthu, kapena adzaganiza kuti tikunena nkhani ya 2005 ija. Alembi akachuluka, timawalemba onse mpaka 20. Akapitirira apo timalemba 19 oyamba, timadontho titatu, kenaka wotsiriza popanda `&`.

Pambuyo pa chaka, chomwe chimakhala m'mikutiramawu, pamabwera mutu wa nkhani. Lembo lalikulu limakhala pa mawu oyamba, pa mawu otsatira timadontho tiwiri, ndi pa maina enieni basi. Mutu wathuwu watha ndi mfunsiro, motero sitiwonjezerapo mpumiro. Dzina la magazini ndi nambala ya voliyumu, 298, timazilemba m'malembo opendekeka, pomwe nambala ya kope, 5598, imakhala yoongoka m'mikutiramawu, yogundana ndi voliyumuyo. Masamba timawalemba opanda `pp.` kutsogolo.

Gawo lotsiriza ndi DOI, yomwe ndi nambala yokhazikika ya nkhaniyo. Adiresi wamba ya pa intaneti imatha kufa wosindikiza akasamutsa zinthu zake, koma DOI imalozerabe komwe nkhaniyo yapita. Ili ndi zigawo ziwiri: `10.1126` chikuimira wosindikiza, ndipo chotsatira kamzere kopendekeka chikuimira nkhani yeniyeniyo. Mu chitsanzo chathu, gawo lachiwirili lili ndi voliyumu, kope ndi tsamba loyamba, zomwe zikutithandiza kutsimikiza manambala omwe talemba kale. Koma tisayembekezere zoterezi paliponse, chifukwa wosindikiza aliyense amapanga gawoli m'njira yake. N'chifukwa chake DOI sitiipeka, ndipo ndi bwino kuikopera kusiyana n'kuitaipa ndi manja.

Pali zolakwika ziwiri zomwe zimachitika kawirikawiri apa. Choyamba ndi kuika mpumiro kumapeto kwa DOI, popeza dzanja lidazolowera kutseka chiganizo. Mpumirowo ukhoza kutengedwa ngati gawo la adiresi, ndipo nkhani sipezeka. Chachiwiri ndi kukopera adiresi yaitali yomwe imaoneka tikalowa kudzera ku laibulale ya sukulu, yomwe munthu wakunja sangatsegule. Yoyenera ndi yoyamba ndi `https://doi.org/` basi.

Tisanapereke ntchito kwa aphunzitsi, tikopere DOI yomwe talemba ndi kuitsegula pa intaneti. Pakabwera uthenga woti `DOI Not Found`, tiyambe taona ngati pali lembo lomwe lasowa kapena lawonjezeka. Ikatseguka, tisakhutire msanga, pakuti nambala imodzi yolakwika ikhoza kutifikitsa pa nkhani ina ya m'magazini yomweyo. Tiyerekeze maina a alembi m'ndondomeko yake, chaka ndi tsamba loyamba ndi zomwe zili pa mndandanda wathu. Zonse zikagwirizana, wowerenga adzafika pomwe ife tidafika.