Kwa Agogo Kapena Ku Agogo? Zimene Mphunzitsi Amalemba M'mphepete mwa Kope

Mwana wa Fomu 1 akalandira kope lake la chimangirizo, nthawi zambiri amapeza mzere wofiira pansi pa liwu lina, basi. Amadziwa kuti palakwika, koma chalakwikacho sachidziwa, ndipo sabata yamawa achibwerezanso. Izi zimachitika kwambiri ndi aperekezi, timawu tating'ono monga pa, ku, mu ndi kwa, timene timaonetsa mgwirizano wa dzina ndi mawu ena m'chiganizo.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina walemba kuti: "Tchuthi chapitachi ndinapita ku agogo anga ku Dedza." Mphunzitsi wodziwa ntchito yake sangodula liwulo. Amalemba m'mphepete motere:

"Mwanawe, mperekezi wako wachiwiri ali bwino, chifukwa Dedza ndi malo. Woyambayo ndiye walakwika. Agogo ndi munthu, ndipo tikamapita kumene kuli munthu timati kwa: kwa agogo, kwa amalume, kwa mfumu. Usanalembe, uzidzifunsa kuti, dzina lotsatirali ndi la malo kapena la munthu? Tsopano undilembere ziganizo ziwiri, china chokhala ndi chipatala, china chokhala ndi dokotala."

Kakalatako n'kakafupi, komatu kagwira ntchito yaikulu. Kayamba ndi pamene mwanayo wakhoza, osati pofuna kumusangalatsa ayi, koma chifukwa yankho lili m'chiganizo chake chomwecho. Akayerekeza ku Dedza ndi kwa agogo, kusiyanako akuona yekha. Ndipo akadzabwera ndi "ndinapita kuchipatala" komanso "ndinapita kwa dokotala", mphunzitsi adziwa kuti zalowa. Akangokopera "kwa agogo" kakhumi, monga ena amalamulira, palibe chimene chingadziwike.

Mwana wochenjera afunsa kuti, nanga bwanji timati kwa Jali ku Zomba, kwa Goliati ku Thyolo, kapena kwa Chinsapo ku Lilongwe, pamene onsewa ndi malo? Funsoli silophwanya lamulo. Malo ambiri amatchulidwa ndi dzina la mfumu kapena la munthu amene anatchuka pamalopo, ndiye pakamwa pa anthu pamatsalabe kwa, ngakhale atayiwala kuti mwini dzinayo anali yani. N'chimodzimodzi ndi kupolisi, kumene ndi kuofesi, ndi kwa apolisi, amene ndi anthuwo.

Chovuta kwambiri ndi kusankha pakati pa pa, ku ndi mu, chifukwa apa chiganizo chikhoza kumveka bwinobwino koma chikunena zina. Wina akalemba kuti "ndinasiya chikwama pagalimoto" pamene chikwamacho chinali pampando wa m'kati, galamala yake ilibe banga. Vuto n'lakuti owerenga akuona chikwama chili pamwamba, padenga. Apa mphunzitsi sayenera kulemba kuti walakwa. Angomufunsa kuti, chinali pamwamba kapena m'kati? Pa amaloza pamwamba kapena malo enieni odziwika, mu amaloza m'kati, pamene ku amaloza dera kapena kumene munthu akulowera. N'chifukwa chake pamudzi, m'mudzi ndi kumudzi ndi mawu olondola onse, koma amene akuti akupita kumudzi sali m'mudzimo.

Chichewa chili ndi njira yake yodziyesera, imene ana ambiri sauzidwa. Mperekezi wa malo amakoka mawu otsatira kuti agwirizane naye: pakhomo pano pali alendo, kumudzi kuno kuli njala, m'nyumba muno muli utsi. Choncho mwana akalemba kuti "kunyumba muli alendo", khutu limakana. Mneni akunena za m'kati, mperekezi akunena za dera, ndipo mmodzi ayenera kusintha. Mwana amene akukayika angowonjezera pano, kuno kapena muno n'kumvetsera chimene chikukhala bwino.

Komabe mphunzitsi asalonjeze kuti lamuloli ligwira paliponse. Timati tinabwera pa basi ngakhale palibe amene anakwera padenga, chifukwa apa pa akunena za njira yoyendera. Tikati m'basi munali modzaza, ndiye kuti tabwereranso m'kati. Pa nkhani ya nthawi, tsiku limatenga pa, mwezi ndi chaka zimatenga mu: Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye, m'chaka cha 1964. Zoterezi n'zofunika kakalata kake tsiku lina. Kuziunjika zonse m'mphepete mwa tsamba limodzi n'kumusokoneza mwana, ndipo mphunzitsi amene ali ndi mulu wa makope patebulo nthawi yake aipeza kuti? Ndi bwino kusankha cholakwika chimene chabwerezedwa kwambiri m'chimangirizocho, n'kudzaona m'kope lotsatira ngati chatha.