Chuma cha pa mitala chimagawidwa ngati usipa wa pa dooko

Boti likakocheza m'mawa pa dooko la Ngala, palibe amene amangopisa dzanja mu usipa n'kumapita. Pali ndondomeko yake, ndipo mwana aliyense wa kunyanja amaidziwa. Poyamba alovi amatapa ka ndiwo kopita nako kunyumba. Nsomba zikagulitsidwa amachotsa ndalama za mafuta a injini ndi zina zimene zalowa pa ulendowo. Zotsalazo ndiye amagawana mwini zida ndi alovi, ndipo siginala, amene wachezera ndi nyali kuitana usipa, salandira mofanana ndi mnyamata amene wayamba dzulo kukoka chilimira. Magawidwe amasiyana boti ndi boti, koma palibe amene amayamba kugawa asanachotse zoyenera kuchotsa.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, mwini boti wa mitala akamwalira, nzeru yonseyi amaiwala. Amaunjika boti, injini, nyumba, mbuzi ndi mbale pa mulu umodzi, n'kuyamba kukangana kuti wamkulu ndani. Chonsecho lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1967, limayenda pafupifupi ngati mmene amachitira pa dooko paja.

Tiyerekeze bambo amene wamwalira osasiya wilo. Anali ndi akazi awiri, onse ku Ngala konkuno, ndipo maukwati onse awiri ankhoswe anawamanga. Mayi wamkulu ali ndi ana anayi, wamng'ono ali ndi awiri. Boti, injini ndi chilimira zikhoza kugulidwa pa K9,000,000. Makolo a bambowo anatsogola kale.

Funso loyamba si lakuti alandira zingati ndani. Funso loyamba ndi lakuti, pa katundu yenseyu, wa malemu ndi uti? Mafuwa a mayi wamkulu, mathandala amene anamanga yekha oyanikapo usipa, ndalama zake za ku banki m'khonde, munda wa mpunga umene anapatsidwa kwawo, zonsezi si za masiye, pakuti mwini wake ali moyo. Chimodzimodzinso makina osokera a mayi wamng'ono. Ukwati suchititsa kuti chilichonse cha mkazi chisanduke cha mwamuna, ndipo gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limanena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi wina.

Pamene pamavuta m'pa katundu amene anapezera limodzi. Tinene kuti boti, injini ndi khoka zinagulidwa mayi wamng'ono asanabwere, ndipo pa K3 iliyonse imene inalowa, K1 inachokera ku geni ya mayi wamkulu, amene ankayanika usipa n'kumakwera nawo galimoto pa msewu wa M5 kukagulitsa ku Lilongwe. Ngati zimenezi zili ndi umboni, K3,000,000 pa K9,000,000 ija ndi yake kale, sakuchita kupatsidwa ndi aliyense. Chiphaso cha khoka chikhoza kukhala m'dzina la mwamuna, koma chiphasocho chimangosonyeza amene boma linamulola kupha nsomba, osati amene anatulutsa ndalama. Umboni umene umathandiza ndi buku la banki m'khonde losonyeza ngongole imene mayiyo anatenga mwezi umene injini inagulidwa, malisiti, ankhoswe, kalipentala amene anakhoma botilo, ngakhale a komiti ya pa dooko amene anaona zonse. Amayi ambiri amaluza apa, osati chifukwa lamulo lawakana, koma chifukwa anapereka ndalama kuchipinda, usiku, popanda woona.

Zatsala K6,000,000. Tsopano tichotse mafuta. Ngati malemu anasiya ngongole ya K2,000,000 kwa amene ankamukongoza mafuta ndi zipangizo za injini, ngongoleyo imabwezedwa kuchokera pa chuma chake anthu asanagawane. Sibwezedwa ndi mbuzi za mkazi. Zatsala K4,000,000.

Ndiwo zija nazonso zilipo. Gawo 17 la lamuloli limati mkazi aliyense asunge katundu wa m'nyumba mwake: bedi, matilesi, mipando, ziwiya, wailesi, zonse zimene banjalo linkagwiritsa ntchito pakhomo. Mayi wamkulu sangapite kwa mkazi mnzake kukanyamula matilesi ponena kuti anagula ndi mwamuna wanga, ndipo alamu sangatulutse mipando m'nyumba zonse ziwiri kuti aiwerengere pa mulu. Koma boti si katundu wa m'nyumba. Ndi chida cha bizinesi, choncho limalowa pa zogawana.

Nanga ogawana ndani? Apa ndi pamene lamulo limasiyana kwambiri ndi zimene ambirife tinakula tikuona. Kale, kwa ife a mbumba, amalume ndi adzukulu ndiwo ankakhala patsogolo, mkazi n'kubwerera kwawo ndi kamtolo pamutu. Lamulo la 2011 linaika patsogolo akazi a malemu ndi ana ake onse, kenako anthu amene ankadalira malemuyo, monga makolo ake kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Mchimwene wake wa malemu, amene ali ndi boti lakelake, alibe gawo pamene akazi ndi ana alipo, ngakhale atakhala kuti ndiye anayendetsa maliro onse.

M'chitsanzo chathu ogawana ndi anthu 8, akazi awiri ndi ana 6. Tikangogawa mofanana, aliyense apeza K500,000, kutanthauza K2,500,000 ku nyumba yaikulu ndi K1,500,000 ku nyumba yaing'ono. Koma apa m'poyambira chabe. Pamene akazi akukhala dera limodzi, lamulo limati nyumba iliyonse ilandire molingana ndi thukuta limene inakhetsa pa chumacho. Ameneyu ndiye siginala uja. Ngati ana aamuna a mayi wamkulu akhala akulowa m'botimo zaka zambiri osalandira malipiro, mbali yawo ikwera. Ukulu wa ukwati paokha sugula kanthu. Chimene chimawerengedwa ndi ntchito. Mayi wamng'ono amene wakhala akusunga buku la malonda ndi kuphikira alovi nayenso wakhetsa thukuta, ndipo sayenera kungoonedwa ngati wobwera kudzadya zakupsa.

Fanizo la pa dooko limathera pomwepa, chifukwa pa dooko amene sanakoke khoka salandira gawo. Pa chuma cha masiye mwana wa zaka 4 amene sanagwirepo chingwe amalandira, ndipo lamulo limati wamng'ono alandire zochulukirapo kuposa wamkulu, poti wamkuluyo bambo ake anamuphunzitsa kale ndi kumuimika. Choncho thukuta limakokera ku nyumba yaikulu, msinkhu wa ana umakokera ku nyumba yaing'ono, ndipo khoti limayeza zonse ziwiri. Limamvanso zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika. Ine ndimaona kuti mabanja amene amvetsa zimenezi msanga sagulitsa boti. Amalisiya lizigwirabe ntchito, n'kulemberana pamaso pa mfumu ndi ankhoswe mmene phindu lizigawidwira nyumba ziwirizo. Boti logulitsidwa mwaphuma pa nthawi ya maliro silipeza mtengo wabwino, ndipo ndalama zake sizichedwa kutha.

Asodzi sakhala malo amodzi, ndipo n'zosadabwitsa kumva kuti wina ali ndi mkazi ku Ngala, wina ku Chia kapena ku Senga Bay. Zikatero lamulo limati mkazi aliyense ndi ana ake agawane za m'dera lawo, asalowerere za kumene kuli mnzake. Koma pali malire amene anthu ambiri sawadziwa. Lamulo la maderali siligwira ntchito pa chuma chachikulu, choposa K1,000,000 imene lamulo la 2011 linaika ngati malire a chuma chochepa, ndiponso siligwira pa ndalama zosungidwa ku banki ndi m'mabungwe ena kapena pa malo a lizi. Ndiye mayi wa ku Ngala sanganene kuti boti la K9,000,000 n'lathu tokha chifukwa limakocheza kuno. Wa ku Chia uja ali ndi mbali yake pa botilo.

Kuno ku Nkhotakota mabanja ambiri ndi achisilamu, ndipo pa chiphunzitso chawo akazi onse pamodzi amagawana gawo limodzi mwa magawo 8 ngati malemu wasiya ana, kapena limodzi mwa magawo 4 ngati sanasiye. Banja likagwirizana kutsata zimenezo mwa kufuna kwake, limatero. Koma wina akadandaula nkhani n'kufika ku khoti popanda wilo, woweruza amatsegula lamulo la 2011. Bambo amene akufuna kuti chuma chake chidzagawidwe mwa njira inayake alembe wilo, asaine pamaso pa mboni ziwiri, podziwanso kuti khoti likhoza kukonza wilo imene yasiya mkazi kapena mwana padzuwa.

Mwamuna akadali moyo, nkhani imakhala ya chisamaliro. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo, ndipo mkazi aliyense wokwatiwa movomerezeka ali ndi ufulu wosamalidwa. Kukwatira wachiwiri sikuchotsa udindo pa nyumba yoyamba. Mayi amene mwamuna wake wasiya kugula chakudya ndi kulipira fizi safunika kuthetsa banja kuti athandizidwe. Ankhoswe akalephera, akhoza kupita ku khoti la majisitireti kukapempha chigamulo cha chisamaliro ukwati uli chilili. Khoti limayang'ana zimene bamboyo amapeza ndi anthu onse amene akuwasamala, kotero mayi asayembekezere kuti ndalama zonse za boti zibwera kwa iye. Banja likatha, lamulo lomweli limauza khoti kuti pogawa katundu liwerengere ndi ntchito zapakhomo zomwe, kulera ana, kuphika, kulima chinangwa, osati ndalama zokha. Kugawako kumakhudza zimene mayiyo anapeza ndi mwamuna wake, osati za m'nyumba ya mkazi mnzake.

Pali msampha umodzi woti mayi wolowa mitala aufufuze asanalowe. Ngati mwamunayo anamanga ukwati woyamba kuboma, kwa mkulu wolembetsa maukwati, ukwati umenewo ndi wa mkazi mmodzi basi. Wobwera pambuyo, ngakhale ankhoswe atakumana, sawerengedwa ngati mkazi pa lamulo. Ana ake adzalandira ndithu, pakuti lamulo silisankha ana potengera mmene anabadwira, koma iye mwini adzangotsala ndi zimene angathe kusonyeza kuti ndi zake.

Mayi wamasiye akakwatiwanso sataya zimene analandira, kupatula nyumba kapena katundu amene ali pa malo a mafumu, amene amapita kwa ana amene anabereka ndi malemuyo, osati kwa alamu. Ndipo amene walanda injini usiku wa maliro n'kukaibisa kwawo wapalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 kundende, kuphatikizapo chindapusa chosachepera mtengo wa katunduyo ndi kubweza zimene watenga. Mayi zikamuchitikira zotere akanene kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa, kenako apite ku ofesi ya DC ku boma la Nkhotakota atatenga umboni wa imfa, kalata ya mfumu yotchula akazi ndi ana onse, ndi mndandanda wa katundu yense wolembedwa nyumba ndi nyumba.