Amene Amasankha Positi Yoyamba Kuoneka pa Foni

Tiyerekeze mayi wina wa ku Ndirande amene amatsegula Facebook m'mawa uliwonse asanapite ku geni. Loweruka lina akukumana ndi msuweni wake kumsika, ndipo msuweniyo akumufunsa chifukwa chimene sanaonekere pa maliro a azakhali ku Thyolo. Mayiyo akungoti kukamwa yasa. Uthenga unalembedwa pa Facebook Lachiwiri, anthu anapepesa, mwambo unachitika Lachinayi. Masiku onsewo iye ankapalasa sikilini ndi chala, nkumaona mavidiyo a nthabwala, mikangano ya Bullets ndi Wanderers, ndi zitenje zamalonda. Uthenga wa maliro sunamupeze.

Zotere zimachitikira anthu ambiri, ndipo ena amafika poganiza kuti m'bale wawo anawabisira dala. Kawirikawiri palibe amene anabisa kanthu. Positiyo inalipo ndithu, koma inali pansi kwambiri pa mndandanda, kumene chala cha mayiyo sichinafikeko bandulo isanathe.

Mndandanda umenewu Facebook inauyambitsa mu Seputembala 2006 ndi dzina loti News Feed, ndipo kuyambira 2022 umangotchedwa Feed. Vuto limene kampaniyi inakumana nalo ndi kuchuluka kwa zinthu. Mu 2013 inanena kuti munthu wamba akatsegula Facebook pamakhala mapositi pafupifupi 1,500 omwe akanatha kumuonetsa, koma patsiku imasankhapo ngati 300. Sizingatheke kuti zonse zikhale pamwamba. Pamafunika wina woika ichi patsogolo, icho pambuyo, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya kompyuta imene anthu amaitchula kuti aligorizimu.

Kagwiridwe kake kamafanana ndi mphunzitsi wochonga mayeso. Foni ikangotsegulidwa, pulogalamuyi imasonkhanitsa zonse zimene anzake a munthuyo, mapeji ndi magulu amene alimo alemba kuchokera pamene anatsegula komaliza, kuphatikizapo zakale zimene sanazione. Malinga ndi zimene akatswiri a Facebook anafotokoza mu 2021, pamakhala kupeta koyamba kwachangu kumene kumasiya mapositi pafupifupi 500. Amenewa ndiwo amachongedwa mofatsa. Pa positi iliyonse pulogalamu imayang'ana amene walemba, nthawi imene walembera, ngati ndi chithunzi, vidiyo kapena mawu okha, komanso mmene mwini foni wakhala akuchitira ndi zinthu zofanana nazo. Kenako imalosera: kodi munthuyu aika laiki apa? Alemba komenti? Atumizira ena? Kapena aibisa? Kulosera kulikonse kumapatsidwa malikisi, malikisiwo amaphatikizidwa, ndipo positi yopeza ambiri imakhala nambala wani. Pomaliza pamakhala kusakaniza pang'ono kuti pasatsatizane mavidiyo okhaokha kapena zolemba za munthu mmodzi.

Pamene pagona nkhani ndi pakuti zochita za munthu sizilemera mofanana. Facebook siulula manambala ake onse, koma Twitter, yomwe pano ikutchedwa X, inaika poyera mbali ya pulogalamu yake mu 2023, ndipo manambala ake amathandiza kumvetsa zimene zimachitika mseri. Pa nthawiyo laiki inkalemera 0.5, kugawira ena positi 1, kuyankha 13.5. Kuyankha kumene mwini positi wabwezanso mawu kunkalemera 75. Kumbali inayo, kusonyeza kuti positi sukuifuna, kapena kutseka pakamwa woilemba, kunkachotsa 74, ndipo kuikanenera kunkachotsa 369.

Manambalawa akhoza kuyesedwa pa mapositi awiri ongoyerekeza. Yoyamba ndi chithunzi cha mwana wa mnzake wa mwini foni atavala yunifolomu tsiku loyamba kusukulu. Tinene kuti pulogalamu yalosera kuti mwayi woti aike laiki ndi 40 pa 100, ndipo mwayi woti ayankhe ndi 1 pa 100. Laiki ikupereka 0.2, kuyankha kukupereka 0.135, zonse pamodzi 0.335. Yachiwiri ndi mawu onyoza timu imene iye amaikonda. Mwayi wa laiki ndi 10 pa 100 basi, zomwe zikupereka 0.05, koma mwayi woti magazi amuwire nkuyankha ndi 5 pa 100, ndipo apa pakutuluka 0.675. Zonse pamodzi 0.725. Chipongwe chapambana mwana wa yunifolomu kuposa kawiri, ngakhale kuti mwini foni akanafunsidwa akanasankha mwanayo.

Koma masamu omwewa ali ndi mbali ina yolimbikitsa. Ngati munthuyu ali ndi chizolowezi chobisa mapositi achipongwe, moti pulogalamu ikuona mwayi wa 1 pa 100 wokha woti abisanso iyi, pamachoka 0.74. Malikisi onse a chipongwe chija atheratu, chagwera pansi pa ziro. Kudina kamodzi kokana kumalemera kuposa malaiki 100.

Facebook nayo inadutsa m'njira yofananayo. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg analengeza kuti aika patsogolo mapositi amene amachititsa anthu kucheza, makamaka a abale ndi abwenzi. Cholinga chinkamveka chabwino, koma pulogalamu imavutika kusiyanitsa macheza ndi mkangano, poti zonse zimabala makomenti. Zikalata zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, anatulutsa mu 2021 zinasonyeza kuti kuyambira 2017 tinkhope tosonyeza mmene munthu wamvera, ngakhale kankhope kokwiya, tinkalemera kasanu kuposa laiki wamba. Kampaniyi inadzatsitsa kankhope kokwiyako mpaka pa ziro mu 2020, itaona kuti kamapezeka kwambiri pa nkhani zabodza ndi zoyambanitsa anthu.

Tsopano za mayi wa ku Ndirande zikumveka. Msuweni wake salembalemba, mwina kamodzi pa miyezi iwiri. Mayiyo akaona zolemba zake amawerenga, nkumwetulira, nkupitirira osadina kalikonse, poti amakambirana pa foni kapena pamaso. Pulogalamu sidziwa kuti awiriwa anakulira nyumba imodzi. Imangoona kuti pakati pawo palibe malaiki, palibe makomenti, pamene peji ya nthabwala imamugwira mphindi zingapo tsiku lililonse. Chibale chimene sichisiya mapazi pa sikilini, kwa iyo nchosaoneka. Ndipo mpikisano ukukulirakulira: mu Julaye 2022 Zuckerberg ananena kuti pafupifupi 15 pa 100 ya zooneka pa Feed zinali zochokera kwa anthu ndi mapeji amene munthu sawatsatira nkomwe, ndipo ankayembekezera kuti chiwerengerochi chiwirikiza kawiri pofika kumapeto kwa 2023. Msuweni akulimbirana malo ndi alendo a dziko lonse.

Apa mpamene Favourites imagwira ntchito, ndipo nzomvetsa chisoni kuti ambiri sadziwa zoti ilipo. Facebook imalola munthu kusankha anzake ndi mapeji okwana 30 nkuwaika pa mndandanda wapadera. Njira yachidule ndi kudina timadontho titatu pamwamba pa positi ya munthuyo nkusankha kumuika pa Favourites, kapena kulowa mu Settings, pagawo la Feed. Osankhidwawo sauzidwa kanthu, choncho palibe amene angadandaule kuti wasiyidwa. Zolemba zawo zimakwezedwa pa mndandanda waukulu, komanso zimapezeka pazokha: pa Menu pali Feeds, ndipo mmenemo muli Favourites, Friends, Groups ndi Pages, momwe zinthu zimasanjidwa motsatira nthawi, zatsopano pamwamba. Instagram inabweretsa zofanana mu Malichi 2022, koma iyo imalola maakaunti 50.

Malire ake ayenera kudziwika. Kuika munthu pa Favourites kumangomuwonjezera mwayi, sikulonjeza kuti chilichonse chimene walemba chikhala pamwamba nthawi zonse. Wofuna kutsimikiza kuti sanaphonye kanthu ayenera kutsegula yekha gawo la Favourites lija. Nalonso silikhazikika: foni ikatsekedwa nkutsegulidwanso, Facebook imabwerera ku mndandanda wake wochongedwa. Ndipo malo 30 aja amatha msanga. Wodzaza mndandandawu ndi mapeji a nkhani amene amalemba kakhumi pa ola amakhala wabweretsa chigumula chomwe chija m'chipinda chaching'ono, msuweni nkumiranso. Nzeru ndi kusungira malowa anthu ofunika amene salembalemba, chifukwa olongolola amadzipezera okha njira.

Mbali inayo ndi yochepetsa phokoso, ndipo pali masitepe osiyana kulemera kwake. Hide post imachotsa positi imodzi nkuuza pulogalamu kuti zotere zichepe. Snooze, yomwe inabwera mu Disembala 2017, imagoneka munthu, peji kapena gulu kwa masiku 30, kenako zolemba zake zimabwerera zokha. Imathandiza nthawi ya kampeni, pamene malume abwinobwino asanduka wailesi ya chipani. Unfollow imachotsa zolemba zake mpaka mwini foni atasintha maganizo, koma ubwenzi umakhalapobe ndipo mauthenga a pa Messenger amafikabe. Pa Instagram ndi pa X batani lofanana nalo limatchedwa Mute. Pa zonsezi winayo salandira uthenga uliwonse. Nzosiyana ndi Unfriend kapena Block, zimene munthu amatha kuzitulukira, ndipo pakati pa apongozi ndi mkamwini zingathe kufika mpaka kwa ankhoswe.

Komabe wogonekedwa samasowa kotheratu. Makomenti ake pa mapositi a anthu ena amaonekabe, ndipo ngati ali m'gulu limodzi ndi mwini foni, monga gulu la kwaya kapena la ophunzira akale, amakumana naye akatsegula gululo. Zotsatsa malonda nazo zili ndi njira yakeyake ndipo sizichepa chifukwa munthu wagoneka anzake. Choopsa china ndi kuiwala. Snooze imatha yokha, koma Unfollow siitha, moti munthu amene anakwiyitsana ndi mlongo wake zaka zitatu zapitazo akhoza kumadabwa lero kuti bwanji mlongoyo anasiya kulemba. Mu Settings, pagawo lomwe lija la Feed, pali Reconnect, pamene pamaoneka mayina onse amene anachotsedwa.

Wofuna kudziwa chimene chakweza positi inayake angadine timadontho titatu tija. Kuyambira 2019 Facebook imaonetsa kufotokoza kotchedwa Why am I seeing this post?, kumene kumanena zinthu monga zakuti mwini foni amakonda kuyankha zolemba za munthuyu, kapena amaonera kwambiri mavidiyo. Mayi wa ku Ndirande akadina pamenepa pa positi ya mkangano wa mpira, mwina angapeze kuti makomenti ake omwe, amene ankalemba mokwiya pofuna kuwatsutsa anyamatawo, ndi amene akhala akuitana mikangano ina. Akasiya kuyankha, nabisa mapositi oterowo kangapo, naika msuweni, achimwene a ku Joni ndi peji ya mpingo wake pa Favourites, Feed yake iyamba kusintha. Zakumalo kwa Favourites zimaoneka nthawi yomweyo, koma kuti mikangano ya mpira ichepe pamatenga masiku, chifukwa pulogalamu imakhala ikuyezabe zizolowezi zatsopanozi pamodzi ndi za miyezi yonse yam'mbuyo.