Mabokosi awiri amene amagula masewera onse

Masewera a madontho ndi mabokosi safuna zambiri: pepala, cholembera ndi anthu awiri. Mumadontheza madontho m'mizere yolingana, kenako mumasinthana kulemba kamzere kamodzi kolumikiza madontho awiri oyandikana. Amene walemba mzere wachinayi wotseka bokosi amalitenga, ndipo amayenera kulembanso mzere wina nthawi yomweyo, afune asafune. Katswiri wa masamu wa ku France, Édouard Lucas, ndiye anasindikiza masewerawa mu 1889, ndipo mu 2000 katswiri wina, Elwyn Berlekamp wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, anawalembera buku lathunthu. Chimene chinakopa anthu ophunzira chonchi pa masewera a ana chagona pa mawu aja akuti afune asafune. Wodya bokosi lomaliza ndiye amakakamizika kutsegulira mnzake chakudya chotsatira.

Masewera akayandikira kumapeto, mizere yosaopsa imatha. Pafupifupi bokosi lililonse limakhala ndi mbali ziwiri zolembedwa, ndipo mabokosiwo amalumikizana m'timisewu toti ukatsegula limodzi, onse amadyeka motsatizana. Kamsewu kotereka tikatche unyolo. Unyolo wa bokosi limodzi kapena awiri ndi waufupi. Wa mabokosi atatu kapena kuposerapo ndi wautali, ndipo maunyolo aataliwa ndi amene amagamula masewera.

Tiyerekeze kuti patsala maunyolo atatu, wa mabokosi 4, wa 8 ndi wa 10, ndipo mnzanu ndiye wasowa posewera. Atsegula waung'ono, wa 4. Dzanja limayabwa kuti mudye onse anayi. Mukatero, mzere wanu wokakamizika uja utsegula unyolo wa 8, ndipo mwagwa m'dzenje limene mnzanuyo anali. Wodziwa amadya mabokosi awiri okha. Awiri otsalawo amawasiya, ndipo m'malo molemba mzere wa pakati pawo, amalemba mzere wa kumapeto kwenikweni kwa unyolowo. Mzere umenewu sutseka bokosi lililonse, choncho ulendo wake watha. Mnzake amapeza mabokosi awiri amene akusowa mzere umodzi wa pakati, amawadya onse ndi mzere umodziwo, ndipo pomwepo wakakamizika kutsegula unyolo wa 8. Apanso mumadya 6 n'kusiya awiri. Akadya awiriwo, atsegula wa 10, ndipo poti uwu ndi womaliza, mumakolola wonse. Mwapeza 18, iye wapeza 4.

Mukanadya anayi onse poyamba paja, mnzanu wodziwa akanakuchitani zomwezo: kudya 6 pa unyolo wa 8, kukuponyerani awiri, n'kutenga 10 onse. Mukanathera pa 6, iye 16. Kusiyana konseku kwachokera pa mabokosi awiri. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo apa mwambiwu umachita kuwerengeka ndi zala.

Munthu amene akutsegulidwira maunyolo aatali ndiye wagwira chiwongolero. Funso lalikulu ndi lakuti: pa anthu awiri amene onse akudziwa kusiya mabokosi awiri, ndani adzasowe posewera poyamba? Ambiri amaganiza kuti ndi mwayi. Ayi, zimawerengeka masewera asanafike n'komwe pakati.

Lamulo lake ndi ili. Werengani madontho onse a pa pepala, muphatikize ndi chiwerengero cha maunyolo aatali amene adzapangike. Woyamba kusewera amafuna kuti yankho likhale nambala yogawika ndi 2. Wachiwiri amafuna yosagawika ndi 2. Pa bwalo la mabokosi atatu m'litali ndi atatu m'lifupi pali madontho 16, choncho woyamba amafuna maunyolo aatali awiri kapena pasakhale n'komwe, pomwe wachiwiri amafuna umodzi kapena atatu. Pa bwalo la mabokosi 25 pali madontho 36, ndipo zofuna zake ndi zomwezo. Koma pa bwalo la mabokosi 16 madontho ndi 25, ndiye zinthu zimatembenuka: woyamba ndiye amafuna umodzi kapena atatu.

Chifukwa chake sichovuta. Pa bwalo la mabokosi 9 lija pali malo 24 olembapo mizere. Mzere uliwonse wotseka bokosi supereka ulendo kwa mnzako, choncho pa 24 timachotsa 9, n'kuwonjezera ulendo womaliza umene umathera pa kudya. Maulendo onse ndi 16, chimodzimodzi ndi madontho, ndipo pa bwalo lililonse zimatuluka choncho. Chimene chimasintha chiwerengerochi ndi chimodzi chokha: mzere umodzi ukatseka mabokosi awiri nthawi imodzi, maulendo amawonjezeka ndi umodzi. Tawona kale kuti wogwira chiwongolero amachititsa zimenezi pa unyolo wautali uliwonse kupatula womaliza. Ndiye maulendo onse ndi madontho, kuphatikiza maunyolo aatali, kuchotsa 1. Woyamba amasewera ulendo wa 1, wa 3, wa 5, ndipo amafuna kuti ulendo womaliza, wokolola unyolo waukulu, ukhale wake. N'chifukwa chake nambala zimene amafuna zili momwe tanenera.

Mukadziwa nambala yanu, mizere ya kumayambiriro imasiya kukhala yongotayira nthawi. Unyolo umadutsa pamene palibe mzere, choncho wofuna maunyolo awiri amamanga khoma pakati pa bwalo kuti ligawike zigawo ziwiri, chilichonse chachikulu mokwanira kubereka unyolo wake. Wofuna umodzi amalimbana kuti zigawozo zilumikizane, kapena kuti chimodzi chiphwanyike n'kukhala tizidutswa tatifupi. Mzere wa m'mphepete mwa bwalo umatseka potulukira ndipo umakhotetsera unyolo mkati, kumene ungakumane ndi unzake. Mphepete yosiyidwa yotsegula ndiyo imadula unyolo.

Nthawi zina mizere yaulere sikwanira kukonza nambala, ndipo pamafunika kugula. Apa ndi pamene ambiri amene anaphunzira kusiya mabokosi awiri kumapeto amagonjabe, chifukwa nsembe yofunika kwambiri imaperekedwa kale, mizere yosaopsa ikadalipo.

Tengani bwalo la mabokosi 25, inu ndinu woyamba, mukufuna maunyolo aatali awiri. Awiri aoneka kale, wa 8 ndi wa 10. Pa mabokosi 7 otsala, anayi ndi tizidutswa tatifupi, koma m'munsi kudzanja lamanja muli atatu ondondozana amene sanakhazikike. Loyamba lili ndi mzere pamwamba ndi kumanzere, pansi pake m'potsegula. Lachiwiri lili ndi mzere pamwamba ndi pansi. Lachitatu, la pa ngodya, lili ndi mzere wa pamwamba wokha. Mnzanu akangolemba mzere umodzi wa m'mphepete pa bokosi la pa ngodyalo, atatuwa asanduka unyolo wautali wachitatu, ndipo chiwongolero ndi chake: adzadya 1, kenako 6, kenako 10, onse pamodzi 17.

Choncho musadikire. Ngakhale kwina kuli mizere yosaopsa, lembani mzere wa pakati pa bokosi loyamba ndi lachiwiri. Mwapereka awiri. Mnzanu awadya, la pa ngodya latsala lokha, ndipo maunyolo aatali akadali awiri. Kumapeto mudzadya 6 pa wa 8 ndi 10 onse pa womaliza. Ndi 16 pa 25, ngakhale tizidutswa tonse titapita kwa iye.

Koma samalani poika mzerewo. Mukaulemba pakati pa bokosi lachiwiri ndi lachitatu, mwadulanso unyolo, inde, koma mwasiya khomo. Mnzanu sadya. Amalemba mzere wa pansi pa bokosi loyamba, n'kukubwezerani mabokosi awiri osowa mzere umodzi wa pakati. Mukawadya ndi mzere umodziwo, maulendo awonjezeka ndi umodzi, ndipo nambala imene mumaiteteza yatembenuka. Mukawakana, iye awadya, ndipo mwatembenuzidwabe. Popereka unyolo wa mabokosi awiri, mzere ulembeni pakati pawo, kuti lililonse lidyeke palokha. Komanso nsembeyi ili ndi nthawi yake. Unyolo ukafika kale pa atatu, kuudula pakati sikuthandiza, chifukwa mnzanu adya mbali imodzi n'kukusiyirani awiri mbali inayo.

Ndiye kodi chiwongolero n'chogwiritsitsa nthawi zonse? Ayi, ndipo amene wangophunzira kumene njirayi amaikonda mopitirira. Nthawi iliyonse mukasiya mabokosi awiri, inu mwachepa ndi awiri, mnzanu wakwera ndi awiri, kusiyana kwake ndi 4. Pa unyolo wa 8 mtengo umenewu ndi wochepa. Pa unyolo wa atatu mumadya limodzi n'kupereka awiri, ndiye kuti mukulipira kuposa zimene mukulandira. Tiyerekeze patsala maunyolo anayi, uliwonse wa mabokosi atatu. Mukaumirira chiwongolero mpaka kumapeto mupeza 1, 1, 1 ndi 3, onse 6, mnzanunso 6. Koma mukadya atatu onse pa unyolo woyamba n'kumusiyira chiwongolero, iye sangapose 5 pa mabokosi 9 otsalawo, inu mupeza 4 owonjezera, ndipo mwapambana 7 kwa 5. Muyeso wake ndi uwu: musanasiye awiri, werengani kuti wogwira chiwongolero adzaposa mnzake ndi mabokosi angati pa zonse zotsala. Ngati ndi oposa awiri, siyani. Ngati safika awiri, idyani zonse.

Palinso unyolo wozungulira, umene mutu ndi mchira zimakumana, monga mabokosi anayi ozungulira dontho limodzi. Uwu ndi wokwera mtengo. Kuti musunge chiwongolero mumasiya mabokosi anayi, osati awiri, polemba mzere pakati pawo kuti akhale awiriawiri. Kusiyana kwake ndi 8, choncho zotsala ziyenera kukupindulitsani ndi mabokosi oposa anayi. Pa wozungulira wa mabokosi anayi okha, kusunga chiwongolero ndiye kuti simudya ngakhale limodzi. Powerenga nambala ya maunyolo aatali, wozungulirayu musamuwerengere, chifukwa amabweretsa mizere iwiri yotseka awiriawiri, ndipo 2 sasintha kugawika kwa nambala. Zimenezi zimapatsanso wothina njira ina: akakhotetsa unyolo wautali kuti udzilume mchira, wauchotsa pa chiwerengero, ndiponso wakweza mtengo wa chiwongolero cha mnzake. Pa chifukwa chomwechi, wosowa posewera nthawi zambiri amachita bwino kutsegula wozungulira waung'ono asanatsegule unyolo wautali.

Poyeserera yambani ndi bwalo la madontho 16, ndipo musankhe kusewera kachiwiri. Limbanani kuti papangike unyolo wautali umodzi wokha, ndipo mukaona wachiwiri ukumera, uduleni usanafike pa mabokosi atatu, ngakhale mutaye awiri. Pa bwalo limeneli, onse akasewera mosalakwitsa, wachiwiri ndiye amapambana.